Udindo uli ku Ntcheu, banja lili ku Mchinji

Kalatayo idandipeza Lachitatu, ndikutuluka m'kalasi ya Fomu 3 manja ali mbuu ndi choko. Ahedi adandiitanira mu ofesi, n'kundipatsa envulopu uku akumwetulira. Ndime yoyamba idati ndapambana intavyu ndipo ndakwezedwa kuchoka pa giredi J kufika pa giredi I. Ndime yachiwiri idatchula sukulu imene ndikagwirire ntchito, kuboma la Ntcheu, ndi tsiku loti ndikhale nditafikako. Anzanga m'chipinda cha aphunzitsi adandigwira chanza, wina mpaka kuyamba kuitanitsa zakumwa. Ine maso adali pandime yachiwiri ija.

Ndimaphunzitsa pasukulu ya sekondale yoyendera kumadera a ku Kapiri, m'boma la Mchinji, ndipo ndakhalapo zaka 9. Ndidakwatira konkuno. Nyumba tidamanga pamalo a kwawo kwa akazi anga, munda ndi wa kwawo, ndipo apongozi anga aakazi, omwe amadwala kuthamanga kwa magazi, ali panyumba yoyandikana nafe. Tili ndi ana atatu. Ndalemba nkhaniyi chifukwa pamilungu itatu imene ndinkasinkhasinkha, aliyense amene ndidamufunsa ankayankha ndi mawu amodzi, wina "pitani", wina "musapite", koma palibe adakhala nane pansi kuwerengera. Mwina mawerengedwe angawa athandiza namwino, mlangizi wa zaulimi kapena mphunzitsi mnzanga amene envulopu yotere ikumudikira.

Poyamba ndidadabwa kuti bwanji osangondikweza n'kundisiya pomwe ndili, popeza Fomu 3 ya ku Kapiri ndi Fomu 3 ya ku Ntcheu amaphunzira silabasi imodzi. Ahedi ndiwo adandimasulira. M'boma giredi imayenda ndi mpando. Sukulu iliyonse ili ndi mndandanda wa mipando imene idavomerezedwa, wakuti pano pakhale mphunzitsi wamkulu wa giredi yakuti, womutsatira, oyang'anira magulu a maphunziro ndi aphunzitsi angapo a giredi iyi ndi iyo. Sukulu yaing'ono ngati yathu ili ndi mipando yapamwamba yochepa, ndipo eni ake alipo kale. Choncho munthu akakwezedwa amatumizidwa kumene mpando wa giredi yakeyo uli wopanda munthu. Akakana kupita, kawirikawiri wakana ndi giredi yomwe.

Chinanso chimene ambiri sitichiganizira pofunsira ndi kukula kwa chigawo cha maphunziro. Masukulu a sekondale amayendetsedwa m'zigawo, ndipo chathu chimatenga Mchinji, Lilongwe, Dedza ndi Ntcheu. Papepala ndiye kuti sindidatuluke m'chigawo changa. Pamsewu ndi nkhani ina. Kuchoka kwathu ndi kabaza mpaka pamsewu waukulu, minibasi kudzera pa Kamwendo ndi Namitete kukafika mu Lilongwe, kusintha galimoto m'depoti, kenako Nathenje, Linthipe, Dedza, Lizulu mpaka Ntcheu. Ndi makilomita oposa 250, ndipo ukaphatikiza kudikira kuti minibasi idzaze, tsiku lonse lathera panjira. Munthu woweruka Lachisanu masana sangafike kwathu kusanade, ndipo Lamulungu ayenera kunyamuka m'mamawa. Ulendo wa kumapeto kwa sabata ndi wa tsiku limodzi lokha lokhala ndi ana.

Usiku womwewo ndidatenga kope lakale la masamu n'kuyamba kulemba. Chinthu choyamba chidali kudziwa ndalama zenizeni zimene ziwonjezereke. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika, chifukwa amafanizira malipiro oyambira a giredi yakale ndi oyambira a giredi yatsopano. Koma munthu amene wakhala pagiredi imodzi zaka zambiri sali poyambira. Chaka ndi chaka amakwera pang'onopang'ono, zija timati manotchi, ndipo akakwezedwa amakayambira mmunsi mwa giredi yatsopanoyo. Mpata wake umakhala wochepa kusiyana ndi umene anthu amakamba. Pamwamba pa apo, ndalama yowonjezerayo imadulidwa msonkho, ndipo kwa ife amene timasonkha penshoni, 5 peresenti imachokanso. Ndidapempha mnzanga amene adakwera kale kuti andionetse pepala lake la malipiro, n'kuliika pambali pa langa. Titachotsa ngongole zake ndi zanga kuti tifanizire bwino, kusiyana kudatsala pafupifupi K70,000 pamwezi. Imeneyo ndiyo pulomoshoni yanga ikalowa m'thumba.

Kenako ndidalemba njira ziwiri: kusamuka tonse, kapena kupita ndekha.

Kusamuka tonse kudagwa msanga. Nyumba ya zipinda zitatu yamagetsi kuboma la Ntcheu adandiuza kuti ndikonzekere K120,000 pamwezi, pomwe kuno sitilipira lendi. Pakhomo pathu timadya matumba 18 a chimanga pachaka, ndipo onse amachoka m'munda. Soya ndi mtedza zimene akazi anga amalima ndizo zimagula feteleza, yunifolomu ndi malata. Kutauni zonsezi zikanasanduka zogula, kuphatikizapo nkhuni ndi masamba zimene pano timangotola. Koma chachikulu adachinena ndi akazi anga, ndipo sichidali m'kope langa.

"Bambo, munda uja mukuuona ngati ndi wathu mpaka kalekale? Tikachoka zaka ziwiri, achemwali alimamo. Ana awo akula. Tsiku lobwerera mudzawauza kuti chiyani, tulukanimo?"

Adanena zoona. Malo a pamudzi sakhala ndi pepala, mwini wake ndi amene akulima. Munda wobwereketsa kwa mbale subwerera popanda mawu, ndipo mawuwo amathera kwa amfumu. Ine monga mkamwini ndilibe pakamwa pankhani imeneyo. Ndikanawachotsa akazi anga pamunda wa makolo awo chifukwa cha K70,000, tsiku lina n'kudzapuma ntchito opanda pogwira khasu, mlandu ukanakhala wanga.

Yatsala njira yopita ndekha, imene aphunzitsi ambiri amatsata. Munthu amaganiza kuti ndi yotchipa chifukwa ndi mimba imodzi. Koma poto wachiwiri safunsa kuti mudya angati. Makala a kuphikira munthu mmodzi ndi omwewo a kuphikira anthu atatu, ndipo kuchoka kwanga sikuchepetsa kwenikweni ndalama za pakhomo pano. Ndidalemba motere: chipinda ndi pabalaza K45,000, magetsi ndi madzi K12,000, ndiwo, makala, sopo ndi zina K60,000, ufa ndikutenga kumudzi, ulendo umodzi wopita kwathu ndi kubwerera K60,000. Ndidawonjezera K20,000 ya aganyu, chifukwa Loweruka lililonse m'nyengo ya dzinja ndimakhala m'munda, ndipo ndikachoka mizere yangayo alime ndi munthu wolipidwa. Zonse pamodzi K197,000 pamwezi, pofuna kulandira K70,000.

Ndidatseka kope n'kukagona, koma tulo sitidabwere.

M'mawa mwake ndidachita chimene ndikulangiza aliyense kuti achite asanayankhe kalata yotere: ndidafunafuna nambala ya mphunzitsi wa pasukulu imene andituma, osati ahedi ake, koma mphunzitsi wamba. Ahedi amafuna munthu woti adzaze mpando, ndiye amakuuza zokoma. Mphunzitsi wamba amakuuza ngati nyumba za pasukulu zilipo, amene akudikira pamzere ndi angati, ndi kuti madzi amatuluka masiku angati pasabata. Nyumba adati ndisayembekezere. Koma adandiuza zinthu ziwiri zimene zidasintha masamu anga. Choyamba, mphunzitsi wina wosakwatira ankafuna wogawana naye nyumba, ndiye lendi yanga ikhala K25,000, magetsi ndi madzi K6,000. Chachiwiri ndi openi, makalasi a masana a ophunzira olipira okha. Kuno kumudzi ophunzira a openi ndi ochepa ndipo amalipira movutikira, ena mpaka atakolola, moti ine ndimapezapo ngati K25,000 pamwezi. Kuboma makalasi amadzaza, ndipo wa masamu ngati ine angapeze K80,000.

Ndalama ya openi ndidaiwerengera mosamala. Simabwera patchuthi, ndipo imadalira kuti ophunzira alipira ndiponso kuti akupatsa mapiriyodi angati, zimene mlendo sayamba ndi zambiri. Kusiyana kwa K55,000 ndidakuchulukitsa ndi miyezi 9 yokha n'kugawa pa 12, kudatuluka pafupifupi K41,000. Maulendo ndidawadula kuchoka pa 12 pachaka kufika pa 6: atatu a tchuthi ndi umodzi pakati pa teremu iliyonse. Imeneyo ndi K30,000 pamwezi. Zotuluka zidatsika kufika pa K141,000, zolowa zidakwera kufika pa K111,000. Ngakhale nditafinya chotere, pulomoshoni ikundidyera K30,000 mwezi uliwonse, K360,000 pachaka. Ndipo onani kuti ndalama ndaipulumutsa pochepetsa masiku oona ana anga.

Pali dzenje lina limene silioneka m'masamu a pamwezi. Malipiro atsopano sayamba tsiku limene wafika. Mapepala otsimikiza kuti wayamba ntchito amayenda m'maofesi, ndipo mnzanga uja adakhala miyezi 7 akulandira za giredi yakale pomwe lendi akulipira kale. Zotsalirazo, zija timati maariyazi, adadzalandira ndithu, koma kwacha idali itagwa kale. Amene adali kudikira maariyazi pomwe kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa zimene ndikunena. Galimoto yonyamula katundu adalipiranso yekha. Ndiye amene akuvomera akhale ndi ndalama zoyambira zosachepera miyezi itatu, ndipo zisakhale za katapila kapena za makampani odula pamalipiro. Mphunzitsi amene pepala lake la malipiro ladzaza kale ndi ngongole, kusamuka kotere kumamumaliza. Ife tidagwirizana zosagulitsa soya nthawi yokolola, mitengo ili pansi, kuti adzakhale ndalama yoyambira.

Mwina owerenga afunsa kuti nanga masamu akukana chotere, ukuvutikiranji? Ingokana. Ndidaganizapo kwambiri, ndipo kukana kuli ndi mtengo wake umene suoneka chaka choyamba.

Chilengezo chimene ndidafunsira chinkafuna munthu amene wakhala pagiredi yake zaka zosachepera zinayi. Makwerero a m'boma ndi otero: sungafunsire mpando wa pamwamba usanakhale pa wapansi pake. Ine zaka zinayizo ndidazikwanitsa kalekale, koma mwayi wa intavyu udandipeza m'chaka cha 9. Ndili ndi zaka 36, ndipo m'boma timapuma tikafika 60. Ndikakana lero, sindidziwa chilengezo china chidzatuluka liti, ndipo chikadzatuluka ndidzapikisana ndi achinyamata a madigiri amene amayambira pagiredi I pomwe ine wa dipuloma ndikuilimbirana pano. Ena mwa iwo ndidawaphunzitsa ndekha Fomu 1. Sindikudandaula nazo, adawerenga. Koma munthu wa dipuloma amene waphonya khomo limodzi akhoza kupuma ntchito ali pomwe adayambira, ndipo penshoni yake imatsatira malipiro omwewo. K360,000 ija ndidayamba kuiona ngati fizi: ndikulipira kuti zaka zinayi za giredi I ziyambe kuwerengedwa. Fizi imakhala ndi tsiku lomaliza. Funso lidasanduka lakuti ndilipira kwa zaka zingati, ndipo ndani wina akulipira nane.

Amene akulipira nane ndi akazi anga, ndipo iwo salipira ndi ndalama. Apa ndilankhule mosabisa, chifukwa m'zipinda za aphunzitsi timazidziwa koma timangoseka. Mwamuna wokhala yekha kutauni, malipiro akulowa pafoni yake, madzulo alibe chochita, sachedwa kupeza womuphikira. Ndaona mabanja a anzanga akutha chotero, popanda ndewu, kungoti maulendo a kumudzi adayamba kutalikirana, ndalama yotumiza kuchepa, kenako mwana kubadwa kwina. Ena adabweretsa matenda kunyumba. Palibe mwa iwo adanyamuka ndi cholinga chimenecho. Nawonso mayi wotsala amasenza zonse: mwana akatentha thupi usiku, mbuzi zikalowa m'munda mwa eni, maliro akagwa pamudzi, ndi iye. Ndipo anthu amayamba kumuyang'anitsitsa, akachedwa kumsika nkhani yafika kale kwa mwamuna wake.

Akazi anga sadalankhule zambiri. Adangofunsa kuti, "Mukapita, mukubwera liti?" Ndidayamba kufotokoza za tchuthi. Adandidula. "Sindikunena za tchuthi. Ndikuti zokhala uku ndi uku zidzatha liti?"

Ndidalibe yankho, ndipo ndikukhulupirira kuti funso limeneli ndilo lofunika kuposa onse. Amene ndawaona zikuwavuta ndi amene adanyamuka ndi mawu akuti "tiona m'tsogolo". Zaka zimadutsa, aliyense amazolowera kukhala payekha, ndipo kubwererana kumakhala ngati ukwati watsopano.

Tidayang'ana kaye ngati pali njira yoti ndisapite kutali. Pali kusinthana malo: ukapeza mphunzitsi wa giredi yomweyo ndi maphunziro omwewo amene watumizidwa kufupi ndi kwanu pomwe iye akufuna kumene watumizidwa iwe, nonse mumalemba makalata kudzera kwa ahedi anu kupempha kuti musinthane. Zimatheka, koma giredi ndi phunziro ziyenera kugwirizana, chifukwa sukulu yofuna wa masamu singalandire wa Chichewa. Ndidafunsa m'magulu a aphunzitsi pafoni, sindidampeze. Palinso pempho lotsatira banja, koma limamveka bwino pamene mwamuna ndi mkazi onse ali pantchito yolembedwa ndipo ali ndi mtchatho woonetsa. Mkazi wolima munda wa makolo ake, ngakhale ndiye akudyetsa banja, fomu ilibe malo ake. Mkulu wina adandilangiza kuti ndikangosaina kuti ndafika, kenako ndibwerere kuno "zikakonzedwa mkati". Ndidakana. Malonjezo a pakamwa a muofesi amatha tsiku limene wolonjezayo wasamutsidwa, ndipo wotsala ndi mlandu wothawa ntchito ndiwe. Chilichonse, kuvomera, kukana kapena kupempha kuwonjezera masiku, chilembedwe, chidutse kwa ahedi, ndipo kope lodindidwa likhale m'nyumba mwako.

Mwana wathu woyamba ndiye adatipatsa kalendala. Ali Sitandade 7. Kumusamutsa pano, kapena pakati pa Sitandade 8, n'kumusokoneza pa nthawi yolembetsa mayeso, ndipo sukulu imene mwana walembera ndiyo imalozera masekondale oyendera amene angasankhidwireko. Tidati alembere konkuno. Imeneyo ndi miyezi pafupifupi 20, zokolola ziwiri. Akadzalemba, tidzakhala pansi ndi kope lomwe lija. Ngati mpando wa giredi yanga udzakhale utapezeka ku Mchinji kapena kumadzulo kwa Lilongwe, ndidzapempha kubwerera, ndipo kalata yoyamba yopempha ndidzailemba ndikangokwanitsa chaka. Ngati ayi, tidzasankha limodzi mwa awiri: banja lisamuke munda tikuulimitsa ndi aganyu m'dzina la akazi anga, kapena ndipemphe kubwerera ngakhale pampando wosandikomera. Chachitatu, chongopitiriza, tachikana.

Zimenezi sitidapangane awiri okha. Tidaitana ankhoswe a mbali zonse ndi amalume a akazi anga, chifukwa pachikamwini mwamuna wonyamula chikwama n'kuchoka pamudzi amatanthauziridwa zambiri. Amalumewo adamvetsera mpaka kumapeto, kenako adati, "Akamwini, ife ntchito ya boma sitiikaniza. Koma nyumba iyi musaisandutse kofikira alendo. Ndipo mwezi ukatha, mwana wathuyu asamachite kukupemphani."

Mawu omalizawo tidawasandutsa dongosolo. Malipiro akangolowa, ndalama ya pakhomo izipita tsiku lomwelo pafoni ya akazi anga, ndisanalipire lendi yanga, ndipo kuchuluka kwake tidakutchula pamaso pa ankhoswe. Pepala la malipiro aziliona mwezi ndi mwezi. Ena aziti ndadyetsedwa, koma ndalama yobisa ndiyo ndaiona ikuyambitsa zambiri. Tidagwirizananso kuti pa maulendo 6 aja, umodzi kapena iwiri azibwera ndi iwo ku Ntcheu, adziwe khomo limene ndikukhala, ndipo anthu a kumeneko adziwe kuti ndili ndi mkazi.

Sindikunena kuti aliyense avomere. Mnzanga wina pasukulu pathu pano adakana zaka zapitazo, chifukwa mkazi wake adali atangomwalira ndipo ana adalibe wowasiyira. Lero akadali pagiredi yomweyo, ali ndi ng'ombe zinayi ndi ngolo, ndipo sindinamuonepo akudandaula. Ine ndikanakana ngati ngongole zikanakhala zitadya kale theka la malipiro anga, ngati akazi anga akanati ayi, kapena ndikanakhala ndatsala ndi zaka zochepa kuti ndipume, poti fizi ija sikanabweza. Ndikanakananso ngati wodwala pakhomo akanakhala wodalira ine ndekha.

Pamenepa ndi pamene mpaka lero sipadakonzeke bwino. Apongozi amapita kuchipatala mwezi ndi mwezi kukayezetsa ndi kukatenga mankhwala, ndipo amene amawanyamula panjinga yamoto ndine. Njingayo ndikuisiya. Mlamu wanga wamng'ono wavomera kuti aziwatenga, koma ndi mnyamata wa mpira, ndipo tsiku la chipatala likagundana ndi masewero sindikudziwa chidzapambane n'chiyani. Ndalemba masiku onse a chipatala pakhoma la kusitolo ndiponso m'foni mwanga, kuti ndiziimba dzulo lake.

Kalata yovomera ndidaipereka kwa ahedi Lolemba lapitali, ndipo adadinda makope awiri. Ndinyamuka teremu ikamayamba, ndi matiresi, mbaula, mapoto awiri, thumba la ufa ndi katoni ya mabuku. Wachiwiri wathu, wa zaka 7, wandifunsa ngati ku Ntcheu kuli mbatata ya kachewere yambiri monga amanenera aphunzitsi ake. Ndamuuza kuti pa Lizulu minibasi imaima, ndipo pakati pa teremu ndidzabwera nayo ndowa imodzi. Ndowayo sindidaiike m'masamu aja.